Kurikulu ya Munthu Wodzilemba Yekha Ntchito: Kusonkhanitsa Maganyu Ambiri Kuti Olemba Ntchito Awazindikire

M'chigawo cha Tete ku Mozambique muli amisiri ambiri amene agwira ntchito zaka zochuluka popanda kulowapo m'kaundula wa malipiro wa kampani iliyonse. Ena amaika magetsi m'nyumba ku Ulongwe, ena amawotcherera zitsulo ku Moatize, ena amamanga, amasoka kapena amalemba mabuku a ndalama a masitolo atatu nthawi imodzi. Chilengezo cha ntchito chikatuluka ku migodi ya malasha, ku Songo kumene kuli damu la Cahora Bassa, ku fakitale ya fodya ya mumzinda wa Tete kapena ku bungwe la chitukuko, anthu otere amatumiza makalata awo pamodzi ndi ena onse, koma kawirikawiri saitanidwa ngakhale kukayesedwa. Luso ali nalo. Chimene chimawagwetsa n'chakuti njira yosefera makalata inakonzedwa poganizira munthu amene anali ndi bwana mmodzi, udindo umodzi, tsiku loyamba ndi tsiku losiya, pamene moyo wa munthu wodzilemba yekha ntchito suyenda motero. Chikalata cha mbiri ya ntchito, chimene kuno timati kurikulu, chiyenera kukonzedwa mwakuti moyo wa maganyuwo ulowe m'mabokosi a osefa popanda kunama.

Tiyambe ndi mmene kusefako kumachitikira, chifukwa munthu amene sakudziwa chimene chikufufuzidwa amalemba mwachimbulimbuli. Kumakampani ang'onoang'ono, wosefa ndi munthu wa mu ofesi yoona za ogwira ntchito. Amakhala ndi mulu wa maenvulopu kapena maimelo, ndipo pambali pake pamakhala pepala la zofunika zimene mkulu wa dipatimenti wamupatsa: maphunziro akuti, zaka zakuti, luso lakuti, chiphaso choyendetsera galimoto. Munthuyu nthawi zambiri sadziwa za magetsi kapena za kuwotcherera, choncho sangathe kuganizira yekha kuti amene anakonzapo chigayo ndiye kuti amadziwa mamota akuluakulu. Iye amangofufuza mawu amene ali pa pepala lake, ndipo akawasowa amaika kalatayo pambali. Kumakampani akuluakulu ndi kumabungwe ochokera kunja, ntchito yoyambayi imathandizidwa ndi pulogalamu ya pakompyuta yotchedwa ATS, ndipo zina zodziwika mwa izo ndi SAP SuccessFactors, Workday ndi Taleo. Pulogalamuyi imatenga fayilo imene mwatumiza, imatolamo mawu n'kuwagawa m'mabokosi: dzina, foni, kumene munagwira ntchito, udindo, mwezi woyamba, mwezi wosiya, maphunziro ndi luso. Kenako wosefa amalemba mawu ofufuzira, kapena amasankha kuti aone okhawo amene ali ndi zaka zisanu kupita m'tsogolo, ndipo mayina ena onse saonekera n'komwe pamaso pake.

Pali chikhulupiriro chofala chakuti kompyuta imawerenga kurikulu n'kuitaya yokha. Nthawi zambiri si mmene zimakhalira. Chimene chimatayitsa munthu pomwepo ndi mayankho a mafunso a pa fomu, monga lakuti muli ndi zaka zingati pa ntchitoyi, ndipo chimene chimamubisa ndi mabokosi amene atsala opanda kanthu kapena adzazidwa molakwika. Choncho wosefa wa pepala ndi wosefa wa kompyuta amafuna zinthu zofanana: dzina la udindo limene akulidziwa, nthawi yowerengeka, ndi mawu a luso olembedwa monga momwe iwo anawalembera.

Tiyerekeze mmisiri wa magetsi wa ku Angónia, amene nkhani yake ndi chitsanzo chabe koma ikufanana ndi ya anthu ambiri. Anamaliza maphunziro a kuika magetsi pa sukulu ya ntchito zamanja mu 2016, ndipo kuyambira mu Malichi 2017 wakhala akudzipezera yekha ntchito. Waika mawaya m'nyumba ndi m'masitolo ku Ulongwe ndi ku Dómuè. Eni zigayo zingapo amamuitana mota ikayamba kutentha kapena ikakana kudzuka. Waika mapampu oyendera sola m'madimba a mbatatesi cha ku Tsangano, amasamala jenereta ya pa malo ena ogona alendo, ndipo kwa miyezi isanu ndi umodzi mu 2021 analembedwa ndi kampani yomanga mumzinda wa Tete. Ntchito zikachepa amakonza mafoni pamsika ndi kugulitsa mbatatesi. Mu 2025 akuona chilengezo cha kampani yosamalira makina ku Moatize, cholembedwa m'Chipwitikizi, ndipo mbali yake yofunika ikuti:

```
Electricista de Manutenção
5 anos de experiência
Manutenção preventiva e correctiva
Motores trifásicos, quadros eléctricos
Leitura de esquemas eléctricos
```

Kurikulu imene munthu wotereyu amalemba koyamba imakhala yoona koma yomuwononga. Pa gawo la ntchito zimene anagwirapo amayamba ndi kampani yomanga ija, chifukwa ndiyo yokha imene ili ndi dzina lolemekezeka, ndipo amaika miyezi yake bwinobwino, kuyambira Febuluwale mpaka Julaye 2021. Pansi pake amandandalika maganyu khumi ndi asanu mosakaniza, nyumba ya aphunzitsi, chigayo cha bambo akutiakuti, kukonza mafoni, pampu ya m'dimba, ena ali ndi chaka chokha ndipo ena alibe tsiku lililonse. Pulogalamu ikawerenga zimenezi imapeza malo amodzi okha okhala ndi bwana, udindo, mwezi woyamba ndi mwezi wosiya, choncho imaona munthu wa miyezi isanu ndi umodzi. Wosefa wa pepala nayenso amaona zomwezo, ndipo kuwonjezera pamenepo amaona munthu wosakhazikika amene lero ali pa mafoni, mawa ali pa mbatatesi. Zaka zisanu ndi zitatu za ntchito yeniyeni zasowa, ndipo mawu akuti mota ya magetsi a mafezi atatu, imene imalandira magetsi kudzera m'mawaya atatu amoyo, sakupezeka paliponse, ngakhale kuti mwini wakeyo amaigwira mlungu uliwonse.

Kukonza koyamba, komwe ndi kwakukulu kuposa kwina konse, ndi kusonkhanitsa maganyu onse a mtundu umodzi pansi pa mutu umodzi, ngati kuti ndi malo amodzi a ntchito. Ndipo kunena zoona ndi malo amodzi, chifukwa bwana wake anali mmodzi nthawi yonseyo, iye mwini. Pa bokosi la wolemba ntchito amalemba kuti ndi wodzigwirira yekha, kapena dzina la bizinesi yake ngati analembetsa. Pa bokosi la udindo amalemba dzina la ntchito, ndipo pa bokosi la nthawi amalemba mwezi ndi chaka chimene anayamba mpaka lero. Mzerewo umaoneka motere:

```
Electricista de Manutenção e Instalações
Trabalhador por conta própria, Ulónguè, Angónia
03/2017 - presente
```

Mizere itatu imeneyi imasintha kuwerengera konse. Pulogalamu tsopano ikupeza udindo, malo ndi nthawi yopitirira zaka zisanu zimene chilengezo chikufuna, ndipo munthu wosefa akuona njira imodzi yowongoka. Mwezi uyenera kulembedwa pamodzi ndi chaka, ndiponso mofanana pa kurikulu yonse, chifukwa zaka zokha zimasokoneza. Munthu akalemba 2018 mpaka 2019, nthawiyo ikhoza kukhala miyezi iwiri kapena pafupifupi zaka ziwiri, ndipo mapulogalamu osiyana amaganizira mosiyana.

Apa pali malire amene ndikuona kuti sayenera kudumphidwa. Mutu umodzi wa nthawi yaitali ndi woona pokhapokha ngati ntchitoyo inalidi yopezera chakudya kwa nthawi yonseyo. Mmisiri wathu ankagwira za magetsi mwezi uliwonse, ngakhale kuti m'nyengo ya dzinja zinkachepa, choncho ali ndi ufulu wolemba zaka zonsezo. Koma munthu amene ankalima chaka chonse n'kumaika magetsi m'nyumba ziwiri kapena zitatu pachaka sangalembe motero. Iye ayenera kuwonjezera mawu osonyeza kuti inali ntchito ya apo ndi apo, kapena kulemba nyengo zenizeni zimene ankagwira. Bodza la pa nthawi limaululika mosavuta pa tsiku lofunsidwa mafunso, pamene kapitawo afunsa kuti mu 2019 munakonza mamota angati ndipo vuto lofala linali lotani. Amene anagwiradi amayankha mosaganizira kawiri, pamene winayo amayamba kufunafuna mawu.

Nanga miyezi isanu ndi umodzi ya ku kampani yomanga ija iikidwe pati? Popeza unali mgwirizano wolembedwa ndipo pali setifiketi yake, uyenera kukhala ndi malo akeake, okhala ndi dzina la kampani ndi miyezi yake. Izi zikutanthauza kuti nthawi ziwiri zikulowana, chifukwa 2021 ili m'kati mwa mutu waukulu uja. Palibe cholakwika ngati m'miyeziyo ankapitabe ku zigayo zake kumapeto kwa mlungu, ndipo wosefa wanzeru amamvetsa. Ngati anasiyiratu maganyu m'nthawiyo, ndi bwino kudula mutu waukulu pawiri, wina kutha mu Januwale 2021 ndi wina kuyamba mu Ogasiti 2021. Chofunika n'chakuti pa fomu asaphatikize nthawi zolowanazo kawiri, chifukwa zaka zake ndi zisanu ndi zitatu, osati zisanu ndi zitatu ndi theka.

Dzina la udindo limafuna kuganizira mofatsa. Anthu ambiri odzigwirira ntchito amakonda kudzitcha mwini kapena mkulu wa kampani, chifukwa zimamveka zaulemu ndipo ndi zoona kuti bizinesiyo ndi yawo. Koma wosefa sakufufuza mwini bizinesi, akufufuza mmisiri wa magetsi, ndipo mawu akuti mkulu wa kampani amabweretsanso nkhawa yakuti munthuyu sadzavomera kulamulidwa ndi kapitawo, kapena adzabwerera ku bizinesi yake zinthu zikangoyenda. Popeza munthu wodzilemba yekha sanapatsidwe udindo ndi aliyense, ali ndi mwayi umene wolembedwa alibe, wosankha dzina limene likufanana ndi la m'chilengezo, malinga ngati ntchitoyo ndi imene ankagwiradi. Mmisiri wathu angadzitche wosamalira magetsi chifukwa ankasamaladi mamota a zigayo ndi jenereta. Sangadzitche injiniya, chifukwa dzina limenelo limayenda ndi digiri imene alibe.

Pansi pa mutuwo ndi pamene pali ntchito yovuta, yomwe ndi kumasulira zimene munthu amachita tsiku ndi tsiku m'mawu a olemba ntchito. Njira yabwino ndi kutenga chilengezo, kulemba chofunika chilichonse pa mzere wake, kenako kufunsa pa mzere uliwonse kuti: kodi ndi ganyu uti amene ndinachitapo zimenezi, kangati, ndipo pa makina aakulu bwanji? Maganyu sakuikidwanso motsatira chaka kapena dzina la kasitomala, akuikidwa motsatira zimene chilengezo chikufuna.

Taonani mzere wonena za kusamalira makina asanawonongeke ndi kuwakonza atawonongeka. Mmisiri wathu akhoza kuganiza kuti zimenezi ndi za m'mafakitale ndipo iye sanazichitepo. Koma chaka chilichonse, chimanga chikayandikira kukololedwa ndipo eni zigayo akudziwa kuti makina ayamba kugaya kuyambira m'mawa mpaka usiku, iye amazungulira zigayo zake. Amazimitsa magetsi, amatsegula bokosi la mawaya n'kumanga mabawuti amene amasuka chifukwa cha kunjenjemera kwa makina. Amachotsa ufa umene waundana pa nthiti za mota ndi pa chotchinga cha fani, chifukwa ufa umenewo umaletsa mphepo kuziziritsa mota. Amaika girizi m'maberingi, kenako amayatsa n'kuyeza mphamvu imene feze iliyonse mwa zitatuzo ikukoka, kuti aone ngati zikufanana ndiponso ngati sizikupitirira nambala yolembedwa pa kachitsulo ka pa mota. Iye amangoti wapita kukaona chigayo, koma ku Moatize zimenezi ndizo kusamalira makina asanawonongeke. Ndipo pamene amaitanidwa chifukwa mota ikungolira osazungulira, n'kupeza kuti feze imodzi yasowa chifukwa fyuzi yapsa kapena kontakitala, switchi imene imalumikiza magetsi ku mota, yadyeka, kumeneko ndiko kukonza atawonongeka. Mamota a zigayo zamagetsi nthawi zambiri ndi a mafezi atatu, ndipo ambiri amadzutsidwa mwa njira ya nyenyezi ndi makona atatu pofuna kuchepetsa mphamvu imene amakoka poyamba. Munthu amene analumikizapo bokosi lotere potsatira chojambula cha mawaya wakwaniritsa kale mizere ina iwiri ya chilengezo chija.

Manambala amafunika, ndipo sayenera kuchokera m'mutu. Munthu wodzigwirira ntchito alibe ofesi yomusungira mbiri, koma ali ndi kope limene amalembamo ngongole ndi mitengo ya zipangizo, ali ndi mauthenga a M-Pesa kapena e-Mola osonyeza amene anamulipira ndi tsiku lake, ali ndi malisiti a ku sitolo ya zamagetsi, ndiponso zithunzi za m'foni zimene zimasunga tsiku limene zinajambulidwa. Madzulo amodzi okhala pansi ndi zinthu zimenezi amatulutsa chiwerengero chimene munthu angachiteteze. Tinene kuti mmisiri wathu wapeza kuti amasamala zigayo 9 za mamota a makilowati 15 mpaka 22, waika magetsi m'nyumba ndi masitolo opitirira 60, ndipo waika mapampu a sola 7. Pamenepo mizere ya pansi pa mutu ikhoza kulembedwa motere:

```
Manutenção preventiva e correctiva de motores trifásicos
(15 a 22 kW) em 9 moageiras
Montagem de quadros eléctricos e arranque estrela-triângulo
com base em esquemas eléctricos
Instalações eléctricas em mais de 60 casas e lojas
```

Mzere woyamba ndi wa zigayo ngakhale kuti ntchito ya m'nyumba ndiyo inali yochuluka ndi yobweretsa ndalama zambiri, chifukwa chilengezo ichi ndi cha makina. Kukula kwa mota kwalembedwa chifukwa kumauza kapitawo msinkhu wa ntchito imene munthuyu anazolowera, zimene mawu ngati "wodziwa bwino" kapena "wakhama" sanganene. Mayina a eni zigayo sanalembedwe pano. Wosefa sakuwadziwa, pulogalamu ikhoza kuwatenga ngati mayina a makampani n'kusokoneza mabokosi, ndipo si kasitomala aliyense amene amafuna kuti dzina lake liziyenda m'makalata. Ganyu mmodzi kapena awiri akuluakulu, monga kuika magetsi pa sukulu kapena pa chipatala cha mishoni, angatchulidwe paokha pansi pa mutu womwewo, ndi chaka chake, ngati eni ake avomera.

Kalembedwe ka mawu kali ndi msampha wake umene ndi wa kuno kwathu. Ku Mozambique ambiri amalembabe Chipwitikizi mwa kalembedwe kakale, kokhala ndi c m'mawu ngati `electricista` ndi `eléctrico`, pamene ku Brazil ndiponso m'kalembedwe katsopano ka ku Portugal amalemba `eletricista` ndi `elétrico`. Ku Moatize mitundu yonse iwiri imapezeka, makamaka chifukwa mgodi waukulu unali m'manja mwa kampani ya ku Brazil ya Vale kufikira pamene inaugulitsa kwa Vulcan mu 2022. Munthu wowerenga ndi maso savutika nazo, koma pulogalamu yofufuza zilembo ndendende ikhoza kuphonya mawu olembedwa mwa njira inayo. Choncho tsatirani kalembedwe ka chilengezo chimene mukuyankha, ndipo sizolakwika kuti mtundu winawo uonekere kamodzi pa gawo la luso. Chimodzimodzinso chilankhulo: chilengezo cha m'Chipwitikizi chiyankhidwe m'Chipwitikizi, cha m'Chingerezi m'Chingerezi. Anthu a m'malire, amene ena anaphunzira ku Dedza kapena ku Ntcheu ndipo amalemba Chingerezi mosavuta kuposa Chipwitikizi, ayenera kupeza mmisiri mnzawo wodziwa mayina a zipangizo m'Chipwitikizi kuti awaonere, osati womasulira wamba, chifukwa dzina la chipangizo likamasuliridwa liwu ndi liwu limatuluka lachilendo ndipo wosefa salizindikira.

Kukonza mafoni ndi kugulitsa mbatatesi kusiyidwe kunja kwa kurikulu imeneyi. Kusiya si kunama, chifukwa palibe mpata wa nthawi umene ukubisidwa, ndipo munthu akafunsidwa akhoza kuzinena momasuka. Zimene siziyenera kuchitika ndi kuwonjezera mawu a zinthu zimene munthu sanagwirepo pofuna kudutsa pa sefa. Chilengezo chikafuna wodziwa magetsi a mphamvu yapakati kapena makompyuta oyendetsa makina otchedwa PLC, mmisiri wa zigayo amene sanawakhudzepo asawalembe. Ntchito za magetsi nthawi zambiri zimakhala ndi mayeso a manja, ndipo bodza lotere, likapanda kugwidwa pa mayesowo, limakaika munthu kutsogolo kwa bokosi limene likhoza kumupha. Pali chinthu china chimene amisiri odzigwirira okha amasowadi, chomwe ndi maphunziro a chitetezo pa ntchito, monga kutseka switchi ndi loko n'kupachikapo chikwangwani asanayambe kukonza. Ku migodi zimenezi amazitenga mwamphamvu. Mpata umenewu sutsekedwa ndi kalembedwe kaluso, umatsekedwa ndi kosi yaifupi yokhala ndi setifiketi, monga amene amaperekedwa ndi malo ophunzitsira ntchito zamanja.

Fayilo yeniyeniyo imawononga anthu ambiri amene analemba bwino. Chizolowezi chofala ndi kusindikiza kurikulu pa malo ojambulitsira mapepala, kuisayina, kenako kuijambula ndi foni n'kutumiza chithunzicho ngati PDF. Fayilo yotere ili ndi chithunzi cha mawu, osati mawu, ndipo mapulogalamu ambiri sapezamo kanthu kapena amawerenga molakwitsa. Mavuto ena amabwera ndi mapepala okongoletsedwa okhala ndi mizati iwiri, matebulo ndi timabokosi, chifukwa pulogalamu ikhoza kuwerenga modutsa kuchokera mzati wina kupita ku unzake n'kusakaniza ziganizo, ndiponso nambala ya foni yoikidwa pa kamutu ka pamwamba pa tsamba nthawi zina imadumphidwa. Kurikulu ikhale ya mzati umodzi, masamba osapitirira awiri, mitu yozolowereka ngati `Experiência Profissional`, `Formação` ndi `Competências`, ndipo isungidwe kuchokera mu Word mwachindunji. Pali mayeso osavuta amene aliyense angachite pa kompyuta ya pa malo olembera makalata. Tsegulani fayiloyo, sankhani zonse, koperani, ndipo muziike mu Notepad:

```
Ctrl+A
Ctrl+C
Ctrl+V
```

Ngati palibe chimene chatuluka, fayiloyo ndi chithunzi. Ngati mawu atuluka koma udindo uli kutali ndi miyezi yake, kapena ziganizo zadukaduka, pulogalamu ya olemba ntchito ikhoza kusokonezeka chimodzimodzi. Ndipo pa masamba amene amadzaza fomu okha mukangokweza fayilo, musafulumire kutumiza. Werengani bokosi lililonse, chifukwa pamenepo ndi pamene mungaone ndi maso anu kuti pulogalamu yatenga Ulongwe ngati dzina la kampani kapena yasiya mwezi woyamba wopanda kanthu, ndipo zimene zili m'mabokosiwo ndizo zidzafufuzidwe.

Chatsala ndi umboni. Zilengezo zambiri za kuno zimafuna kuti zaka za ntchito zikhale zotsimikizika, ndipo munthu wolembedwa amangoonetsa setifiketi ya ntchito imene lamulo limati bwana apereke mgwirizano ukatha. Wodzigwirira yekha sangadzilembere setifiketi yotere n'kukhulupiriridwa, choncho ayenera kusonkhanitsa umboni kuchokera kwa ena. Wamphamvu kwambiri ndi kalata ya kasitomala wa nthawi yaitali, makamaka amene ali ndi chidindo, monga malo ogona alendo aja, sukulu, parishi kapena bungwe la alimi. Kalatayo isangoyamikira khalidwe. Inene dzina la mmisiri monga lilili pa chitupa chake, ntchito imene amagwira, mwezi ndi chaka chimene anayamba, ndi nambala ya foni ya munthu amene angayankhe akaimbiridwa. Makalata awiri kapena atatu otere, amene nthawi zake zikaphatikizidwa zikukwanira zaka zolembedwa pa mutu uja, amagwira ntchito imene setifiketi ikanagwira. Mwini chigayo amene salemba Chipwitikizi akhoza kulemberedwa, kumuwerengera m'Chichewa kuti amve zimene akusayina, ndipo ayenera kuuzidwa pasadakhale kuti tsiku lina foni idzalira kuchokera ku Moatize. Nambala ya msonkho ya NUIT, chilolezo cha bizinesi ngati chilipo, ndi mbiri ya zopereka ku INSS, bungwe la boma loona za penshoni, kwa amene analembetsa ngati wodzigwirira yekha zimalimbitsa nkhaniyo, chifukwa ndi zolembedwa ndi boma ndipo zili ndi masiku. Amene ali ndi masetifiketi a ku Malawi afunse msanga za chikalata chofananiza maphunziro awo ndi a ku Mozambique, popeza olemba ntchito ena, makamaka a boma, amachifuna.

Kurikulu yokonzedwa motere ndi ya chilengezo chimodzi chokha. Mwezi wotsatira bungwe lina likalengeza kuti likufuna mmisiri wa mapampu a sola ku Tsangano kapena ku Macanga, mutu waukulu ndi miyezi yake sizisintha, koma dzina la udindo limatsamira ku sola, mzere wa mapampu 7 umaikidwa pamwamba pamodzi ndi chiwerengero cha mapanelo ndi kuya kwa zitsime, ndipo zigayo zimatsika kukhala mzere umodzi. N'chifukwa chake ndi bwino kusunga fayilo ina yaitali imene situmizidwa kwa aliyense, yolembamo ganyu aliyense akangotha: mwezi, malo, mtundu wa makina, kukula kwake, chimene chinachitika ndi nambala ya kasitomala. Kalata ya umboni nayonso ipemphedwe pa tsiku lolandira malipiro, kasitomala akadali wokondwa ndi ntchitoyo, chifukwa pakapita zaka zitatu mkulu wa sukulu amakhala atasamutsidwa ndipo chigayo chimakhala chitagulitsidwa kwa munthu wina.